Mawaya Awiri, Masensa Ambiri: Kupeza Chomwe Chavuta pa I2C

I2C ndi njira imene zipangizo zing'onozing'ono zamagetsi zimalankhulirana pa mawaya awiri okha. Inapangidwa ndi kampani ya Philips mu 1982 kuti tizipangizo ta mkati mwa wailesi yakanema tizitumizirana mauthenga popanda kudzaza bolodi ndi mawaya. Masiku ano imapezeka pa mabolodi ophunzirira monga Arduino, ESP32 ndi Raspberry Pi, ndipo masensa ambiri oyeza kutentha, chinyontho ndi kuwala amalumikizidwa kudzera mwa iyo. Waya woyamba, SDA, amanyamula uthenga. Wachiwiri, SCL, ndi wa wotchi: amagunda mobwerezabwereza kuti wotumiza ndi wolandira aziyendera limodzi. Pambali pa awiriwa pamakhalanso waya wa magetsi ndi waya wa GND, amene zipangizo zonse ziyenera kugawana.

Mavuto amene amasowetsa anthu mtendere pa njira imeneyi ndi atatu: kusowa kwa marezisita okwezera, masensa awiri kukhala ndi adiresi imodzi, ndi mawaya kutalika. Amaoneka osiyana, koma gwero lake ndi limodzi.

Pa I2C palibe chipangizo chimene chimaloledwa kukankhira magetsi mu SDA kapena mu SCL. Chimene chilichonse chingachite ndi kukokera waya pansi, ku 0 V, kapena kumusiya. Wobwezera waya pamwamba, ku 3.3 V kapena 5 V, ndi rezisita yomangidwa pakati pa wayayo ndi magetsi. Zili ngati nthambi ya mango: aliyense angathe kuiweramitsa, koma kubwerera m'mwamba imabwerera yokha akaitaya, ndipo wina akaigwirabe siikwera ngakhale ena onse ataisiya. Waya akakhala pansi amawerengedwa 0, akakhala pamwamba amawerengedwa 1. Ubwino wa dongosololi ndi woti zipangizo ziwiri zikalankhula nthawi imodzi palibe chimene chimapsa. Kuipa kwake ndi koti 1 aliyense amadalira rezisita.

Rezisita ikasowa kapena ikachuluka

Popanda rezisita yokwezera, waya wosiyidwa amangoyandama. Amatola phokoso la magetsi apafupi, ngakhale la dzanja la munthu, ndiye chipangizo chimagwira ntchito wina akachikhudza n'kuleka akachotsa dzanja. Nthawi zina pulogalamu imangoima pa mzere woyamba wofuna kulankhula ndi sensa, kudikira SCL kuti akwere.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti zinthu zimatha kuyenda patebulo ngakhale marezisita palibe. Mkati mwa Arduino Uno muli marezisita okwezera ofooka, a pakati pa 20 kΩ ndi 50 kΩ, ndipo ESP32 ilinso ndi ake ofooka chimodzimodzi. Kwa sensa imodzi ya waya wotalika ngati chala amakwanira. Kungowonjezera sensa yachiwiri kapena theka la mita ya waya, zonse zimasokonekera, ndipo mlandu umagwera sensa yatsopanoyo pamene ilibe vuto. Raspberry Pi ndi yosiyana, chifukwa pa mapini ake a SDA ndi SCL, omwe ndi GPIO2 ndi GPIO3, pali kale marezisita a 1.8 kΩ opita ku 3.3 V.

Kuyeza kwake n'kosavuta ndipo kumafuna mita yoyezera magetsi yokha. Magetsi akayatsidwa, zipangizo zili chete, SDA ndi SCL onse ayenera kuonetsa voteji yonse, 3.3 V kapena 5 V. Waya amene akuonetsa 0 V ndiye kuti wakhudzana ndi GND kapena pali chipangizo chomugwirira pansi. Voteji yosakhazikika, yongoyendayenda, imasonyeza kuti rezisita palibe. Kenaka magetsi amazimitsidwa, mita n'kuikidwa pa maomu, n'kuyeza pakati pa SDA ndi waya wa magetsi, ndiponso pakati pa SCL ndi waya wa magetsi. Nambala imene yatuluka siikhala yeniyeni ndendende chifukwa zipangizo zina zimalowerera, koma imapereka chithunzi cha marezisita onse ataphatikizana.

Kuphatikizanako ndi vuto lina palokha. Timabolodi tambiri ta masensa timagulitsidwa tili ndi marezisita ake, kawirikawiri a 4.7 kΩ kapena 10 kΩ. Tikalumikizidwa pa mawaya amodzi, marezisitawo amakokera limodzi ndipo maomu ake amatsika. Anayi a 4.7 kΩ amakhala ngati imodzi ya 1.2 kΩ, akaikidwa pa Raspberry Pi yokhala ndi 1.8 kΩ yake, zonse zimafika pafupifupi 710 Ω. Pamenepo waya amakokedwa m'mwamba mwamphamvu kwambiri moti sensa imalephera kumutsitsa bwino. Malamulo a I2C amafuna kuti chipangizo chithe kutsitsa waya kufika 0.4 V chikumeza 3 mA, ndipo pamenepa m'pamene pachokera malire a pansi:

```
Rmin = (Vcc - 0.4 V) / 3 mA
```

Pa 3.3 V yankho ndi pafupifupi 970 Ω, pa 5 V ndi pafupifupi 1.5 kΩ. Mita ikaonetsa zochepera pamenepo, mankhwala ake ndi kuchotsa marezisita pa timabolodi tina ndi chowotcherera, kusiya gulu limodzi kapena awiri.

Palinso ngozi ya voteji. Kabolodi ka sensa kakapatsidwa 5 V, marezisita ake amatha kukwezera SDA ndi SCL ku 5 V, pamene mapini a Raspberry Pi ndi ESP32 ndi a 3.3 V. Pamenepo pamafunika kupatsa sensa 3.3 V ngati imalola, apo ayi kuika kachipangizo kosinthira voteji pakati.

Maadiresi akawombana

Chipangizo chilichonse pa I2C chili ndi adiresi ya mabiti 7. Izi zimapereka maadiresi 128, koma 16 ndi osungidwira ntchito zapadera, ndiye otsala ndi 112, kuyambira 0x08 mpaka 0x77. Bolodi yolamula ikafuna kulankhula imatchula adiresi, ndipo mwini adiresiyo amavomera pokokera SDA pansi pa kugunda kwa wotchi kwachisanu ndi chinayi. Ngati palibe wakoka, waya amakhalabe pamwamba, ndipo bolodi imadziwa kuti palibe wayankha.

Adiresi imaikidwa kufakitale, ndipo mafakitale sakambirana. Wotchi ya DS3231 ili pa 0x68, ndipo sensa ya kugwedezeka ya MPU6050 imabweranso ili pa 0x68. Sensa ya chinyontho ya AHT20 ili pa 0x38, ndipo adiresi yake siisinthika. Kuwombana kofala kwambiri, komabe, kumabwera munthu akagula masensa awiri kapena atatu a mtundu umodzi.

Poyambira ndi kufunsa adiresi iliyonse kuti aone amene akuyankha. Pa Raspberry Pi lamulo lake ndi ili:

```
i2cdetect -y 1
```

Pa Arduino ndi ESP32 pali kapulogalamu kakang'ono kochita zomwezo, kamene kamayesa adiresi iliyonse n'kuona yankho la `Wire.endTransmission()`: 0 ndiye kuti wina wavomera, 2 ndiye kuti adiresiyo ilibe mwini. Zotsatira zake zimafuna kuziwerenga mosamala. Pakapanda kuoneka adiresi ngakhale imodzi, kawirikawiri SDA ndi SCL asinthanitsidwa, kapena GND sanalumikizidwe. Maadiresi onse akamayankha, si kuti zipangizo zachuluka ayi, koma SDA wagwiridwa pansi, ndipo bolodi ikutenga 0 wosathayo ngati kuvomera. Ndipo maadiresi akaoneka ochepa kuyerekeza ndi zipangizo zimene zalumikizidwa, m'pamene kuwombana kumaganiziridwa.

Kuwombana sikudzionetsa poyera. Masensa awiri a adiresi imodzi amavomera onse pamodzi, ndipo pa sikirini pamaoneka adiresi imodzi yooneka yabwinobwino. Chisokonezo chimabwera powerenga. Popeza wokokera pansi ndiye amapambana, biti iliyonse imene mmodzi mwa awiriwo watumiza 0 imafika ili 0. Sensa yoyamba ikatumiza 0x66, yachiwiri n'kutumiza 0x5A, bolodi imalandira 0x42, nambala imene palibe anaitumiza. Masensa awiriwo akakhala pamalo amodzi manambala awo amafanana, ndipo cholakwikacho chimabisala. Chimaonekera pamene wina watenthedwa, wina ali pozizira. Sensa ngati SHT31 imatumiza baiti yotsimikizira pambuyo pa muyeso uliwonse, ndiye pulogalamu yabwino imaukana muyeso wosakanikiranawo. Masensa opanda chitetezo chimenechi amangopereka bodza looneka ngati loona. Njira yotsimikizira ndi kulumikiza chipangizo chimodzichimodzi, n'kumalemba adiresi ya chilichonse.

Nthawi zina vuto silikhala kuwombana koma kalembedwe. Kumbuyo kwa timasikirini tina ta SSD1306 kumalembedwa 0x78, pamene pulogalamu imafuna 0x3C. Adiresi ndi yomweyo, kungoti 0x78 yaphatikiza biti yachisanu ndi chitatu yonena ngati bolodi ikulemba kapena ikuwerenga. Kugawa nambalayo pawiri kumapereka adiresi yofunikayo.

Mankhwala otsika mtengo ndi phini yosinthira adiresi, imene masensa ambiri ali nayo. Pa MPU6050, phini ya AD0 ikalumikizidwa ku magetsi adiresi imasamukira ku 0x69, wotchi n'kutsala yokha pa 0x68. SHT31 imasankha pakati pa 0x44 ndi 0x45, BME280 pakati pa 0x76 ndi 0x77, BH1750 pakati pa 0x23 ndi 0x5C. Phini yotereyi siyenera kusiyidwa ikulendewera: imangidwe ku GND kapena ku magetsi. Koma maadiresi awiri amatha pa sensa yachiwiri. Yachitatu imafuna chogawira njira, ndipo chodziwika kwambiri ndi TCA9548A. Chimenechi chili ndi adiresi yakeyake, 0x70 ngati mapini ake atatu a adiresi ali ku GND, ndipo chili ndi makomo 8. Bolodi imachitumizira baiti imodzi yonena khomo loti litseguke, kenaka n'kulankhula ndi sensa ya kuseri kwa khomolo ngati kuti ili yokha.

```
void sankha(uint8_t khomo) {
  Wire.beginTransmission(0x70);
  Wire.write(1 << khomo);
  Wire.endTransmission();
}
```

Chogawiracho chingasunthidwe kuyambira 0x70 mpaka 0x77, choncho amene ali ndi BME280 asamale kuti asachiike pa 0x76 kapena 0x77.

Waya akatalika

I2C inapangidwira mkati mwa chipangizo chimodzi, pa mtunda wa masentimita. Malamulo ake satchula mamita. Amatchula kapasitansi, ndipo malire ake ndi 400 pF pa waya aliyense. Kapasitansi ndi khalidwe la waya losunga magetsi pang'ono pakati pa iye ndi mawaya oyandikana naye. Kutsitsa waya kumachitika msanga chifukwa chipangizo chimamulumikiza ku GND mwachindunji, koma kukwera kumadalira rezisita kudzaza kapasitansiyo pang'onopang'ono. Waya akatalika, kapena rezisita ikakhala ya maomu ambiri, 1 amachedwa kufika, ndipo wotchi imagunda voteji isanakwane.

Pa liwiro wamba la 100 kHz, waya ayenera kukwera kuchoka pa 30 peresenti kufika pa 70 peresenti ya voteji mkati mwa 1000 ns. Pa 400 kHz nthawiyo ndi 300 ns yokha. Kuwerengera kwake ndi uku:

```
tr = 0.8473 x R x C
```

Rezisita ya 10 kΩ imakwanitsa pafupifupi 120 pF pa 100 kHz, ya 4.7 kΩ pafupifupi 250 pF. Waya wa netiweki wa Cat5 amakhala ndi pafupifupi 50 pF pa mita iliyonse, ndipo phini ya chipangizo chilichonse imawonjezera mpaka 10 pF. Ndiye rezisita ya 4.7 kΩ, imene anthu ambiri amaiika mwachizolowezi, imafika pothera pa mamita anayi kapena asanu.

Vuto la kutalika limadziwika ndi kusakhazikika kwake. Sensa imaoneka pa kufufuza koyamba n'kusowa pa kwachiwiri. Imayenda bwino masana onse n'kuleka pampu kapena firiji ikayaka. Kuyesa kwachangu ndi kutsitsa liwiro, mwachitsanzo ndi `Wire.setClock(50000)` pa bolodi imene imalola, kapena kubweretsa sensayo pafupi pa waya wamfupi. Zikayenda, wolakwa wapezeka.

Chitsanzo chimodzi chingasonyeze mmene mavuto atatuwa amalukirana. M'nyumba yosungiramo chimanga mukufunika kuyeza kutentha ndi chinyontho pa malo atatu. Pali ESP32 ya 3.3 V, wotchi ya DS3231 pafupi nayo, ndi masensa atatu a SHT31 pa mawaya a Cat5 a mamita 2, 4 ndi 6. Kabolodi ka wotchi kali ndi marezisita a 4.7 kΩ, ka sensa iliyonse kali ndi a 10 kΩ. Zonse zikalumikizidwa pamodzi, kufufuza kumaonetsa 0x44 ndi 0x68, mwinanso 0x57, imene ndi ya kachipangizo kosungira zinthu kopezeka pa timabolodi tambiri ta wotchiyi. Masensa atatu aja akuoneka ngati imodzi. Kusuntha imodzi kupita ku 0x45 kumasiyabe awiri akulimbirana 0x44. Komanso mawaya onse pamodzi ndi mamita 12, kutanthauza 600 pF zipangizo zisanawerengedwe, zomwe zapyola kale 400 pF.

Apa TCA9548A imathetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Sensa iliyonse imapita pa khomo lake, ndipo waya wa khomo lotsekedwa salemetsa njira. Katundu wamkulu amakhala pamene khomo la mamita 6 latseguka: 300 pF za waya, kuwonjezerapo pafupifupi 50 pF za zipangizo ndi timawaya tapafupi, zonse 350 pF. Chogawirachi ndi swichi chabe, sichiwonjezera mphamvu, choncho marezisita a mbali zonse ziwiri amagwira ntchito limodzi khomo likatseguka. Ya 4.7 kΩ ndi ya 10 kΩ pamodzi ndi 3.2 kΩ, ndipo nthawi yokwera imatuluka pafupifupi 950 ns. Ili mkati mwa malire, koma pang'onong'ono, ndipo chinthu chokhala pamalire chotere chimayenda lero n'kukana mawa. Kuwonjezera rezisita ina ya 10 kΩ pa SDA ndi ina pa SCL za khomo limenelo kumatsitsa zonse kufika 2.4 kΩ, nthawi yokwera n'kukhala pafupifupi 720 ns, pamene sensa ikumeza 1.2 mA yokha mwa 3 mA zololedwa. Ngati kabolodi ka chogawiracho kali ndi marezisita ake, nawonso alowe m'masamuwo.

Liwiro la 400 kHz pa waya ameneyu ndi losafunika kuliyesa. Likanafuna rezisita yosapitirira 1 kΩ, pamene malire a pansi ndi 970 Ω, ndiye mpata palibe. Ndipo palibe chotayika, chifukwa chinyontho cha m'thumba la chimanga sichisintha pa sekondi.

Kamangidwe ka wayayo nakonso kali ndi gawo. Mu Cat5 mawaya amapotana awiriawiri, ndipo cholakwika chofala ndi kuika SDA ndi SCL pa awiri opotana. Kugunda kwa wotchi kumadumphira mu waya wa uthenga n'kusokoneza mabiti. Choyenera ndi kupota SDA ndi GND, SCL ndi GND wina kapena ndi waya wa magetsi. Kumapeto, pafupi ndi sensa, pamaikidwa kapasita ya 100 nF pakati pa magetsi ndi GND. Wayayo adutse kutali ndi mawaya a magetsi a m'nyumba ndi a mota.

Phokoso likalowa, kapena bolodi ikayambanso mwadzidzidzi sensa ili pakati potumiza baiti, sensayo imatha kutsala itagwira SDA pansi, kudikira kugunda kwa wotchi kumene sikubweranso. Kudina batani loyambitsanso bolodi sikuthandiza chifukwa sensayo sinazime. Malamulo a I2C amanena kuti bolodi igunde SCL kasanu ndi kanayi, ndipo sensa imamaliza baiti yake n'kutaya wayayo. Zikakanika, magetsi a sensayo azimitsidwe n'kuyatsidwanso. Chipangizo choti chizikhala chokha kwa miyezi chiyenera kuchita zimenezi poyamba kugwira ntchito, komanso kukhala ndi malire a nthawi yodikira, monga `Wire.setWireTimeout()` pa Arduino Uno, kuti pulogalamu isaime mpaka kalekale.

Kupyola mamita ochepawa, kusintha marezisita sikuthandizanso, chifukwa malire a pamwamba ndi a pansi amakumana. Pamafunika zipangizo zotalikitsira, chimodzi kumbali iliyonse ya waya. P82B715 imawonjezera mphamvu yokokera kuti waya wolemera athe kuyendetsedwa, pamene PCA9615 imasandutsa SDA ndi SCL kukhala mawaya awiriawiri opotana, amene phokoso silimawasokoneza msanga. Njira zimenezi zimafikitsa I2C pa mamita makumi angapo. Mtunda ukakhala wochoka kunyumba kufika kudimba, chanzeru ndi kuika kabolodi kakang'ono pafupi ndi sensa kuti I2C ikhale ya masentimita ochepa, kenaka n'kutumiza manambalawo pa RS-485, imene inapangidwira mitunda italiitali ndipo pa liwiro lotsika imafika mamita 1200.